Mkute usamathere kwa nkhuku

Ndikamayendera alimi kuno ku Mkanda m'boma la Mchinji, m'mawa ndimapeza mitanda ya nsima itatayidwa kuseri kwa khitchini, nkhuku zikujompha, pomwe ana apita kusukulu chimimba chili pululu. Zimandiwawa, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene ambiri timakhala tikugula chimanga cha pa ndowa. Mkute ndi chakudya, koma kuti mawa udyeke bwino, ntchito yake imayamba usiku womwewo.

Nsima yoti igone muipatuliretu pomwe mukuomola, isanakhudzidwe ndi manja. Imene yatsala m'mbale yodyera, yomwe anthu atsinako ndi kudonthezera msuzi, imeneyo ndiye ipite kwa nkhuku. Yopatulayo ikani m'mbale youma, muvundikire ndi lichero loyera mpaka izizire, kenako ndi mbale inzake. Mukaitsekera ikadali yamoto, nthunzi imasanduka madzi n'kudonthera pa nsima, ndipo kukamacha imakhala itayamba kuterera. Musaiphatikize ndi ndiwo.

Ndiwo nazo sizifanana. Masamba otendera, nsomba zaziwisi ndi nyama sizichedwa kuvunda, choncho ngati mulibe firiji zimalizeni madzulo omwewo. Nyemba muziwiritsenso musanagone, muvundikire, ndipo wina asapisemonso supuni. Ngakhale mutatero, zotsala ndi za kadzutsa, osati za nkhomaliro. Mu Okutobala ndi Novembala, kukamatentha usiku wonse, ndi bwino kuchepetsa ufa pophika kuti pasatsale kanthu.

Tiyerekeze kuti mwatsala mitanda iwiri ndi kapu imodzi ya nyemba. Yambani mwaunyema mtanda pakati ndi kuununkhiza. Wabwino umanyemeka bwinobwino ndipo umangomveka fungo la ufa. Ukamaterera, ukamatuluka tiulusi pounyema, kapena ukamanunkha mosasa, tayani. Nyemba zikachita thovu pamwamba, tayaninso. Pano ndikupemphani mundimvetse: musati mukaziwiritsa zikhala bwino. Moto umapha tizilombo, koma pali poizoni wina amene tizilomboto timasiya m'chakudya yemwe satha ndi moto, ndipo ndiye amasanzitsa ana.

Zikakhala zabwino, wiritsani nyembazo mpaka zibwate paliponse ndipo msuzi uphwe. Ziphwanyeni ndi mthiko. Nyenyani nsima ija, musakanize ndi nyembazo zitazizirako, muthire anyezi mmodzi wodula tating'onoting'ono, dzira limodzi, kamchere ndi masupuni awiri a ufa wa mgaiwa. Kanyani ndi manja osamba ndi sopo kufikira mibulu itatha. Umbani timikate tokula ngati chikhatho cha mwana, tokhuthala ngati chala chimodzi basi. Mafuta safunika ambiri ngati a zitumbuwa, masupuni atatu m'chiwaya akwana. Kazingani pa moto wapakatikati, mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse, mpaka kunja kufiire.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi potembenuza. Mukafulumira, timikate timaphwasuka chifukwa khoko lake silinagwire. Tikamaphwasukabe ngakhale mwadikira, ndiye kuti nyemba zinali ndi msuzi wambiri, onjezani supuni ya ufa m'zosakaniza zomwe zatsalazo. Mukaumba tonenepa, kunja kumapserera m'kati mukadali mozizira, ndipo m'katimo ndi momwe timafuna moto ufike. Nyemani kamodzi muone ngati mukutuluka nthunzi. Dzira likasowa, nsinjiro masupuni atatu zimathandizako kugwira, ngakhale sizifika pa dzira. Pa mitanda iwiriyi pamatuluka timikate pafupifupi khumi. Mwana akadya titatu ndi nthochi kapena bango, wadya zokhutitsa, za nyemba, za nyama, mafuta ndi chipatso, magulu asanu mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, asananyamule makope.

Tsiku lomwe mafuta palibe, mkute umasanduka phala. Nyenyani mtanda umodzi m'makapu awiri a madzi ozizira, muufinye ndi manja mpaka usungunuke, kenako muike pa moto. Mukauponya m'madzi owira umachita mibulu yosatha. Thirani nsinjiro masupuni atatu, lithakhathe mphindi khumi uku mukutakasa. Mtedza wosinja nsinjirowo muusankhe, wonyala ndi wachuku muchotse, chifukwa poizoni wa chuku nayenso satha ndi kuphika.

Koma mwana wosakwana zaka ziwiri, mayi woyembekezera ndi munthu wodwala musawapatse zogona. Matupi awo sachedwa kugonja akatsegula m'mimba. Atengereni kaufa pang'ono muwaphikire phala latsopano m'kapoto kawokawo.