Mukasiyana maganizo ndi wogula pa mtengo wa soya wa kutsogolo, lembani zonse ziwiri papepala

Mwezi wa Meyi ukafika nkhani yake imakhala yomweyomweyo, kaya ndi ku Mitundu, ku Nsundwe kapena ku Malingunde. Kalabu yasonkhanitsa soya, wogula wabwera ndi lole kuchokera mtauni, ndiye mkangano wayamba. Alimi akuti mtengo ukwera ikamafika Seputembala, wogula akuti ayi chaka chino soya ndi wambiri sukwera. Amatha tsiku lonse pansi pa mtengo wa mango akulimbana za chinthu choti palibe wachiona.

Ine ndimawauza kuti asiye kukopana, aliyense akhale ndi maganizo ake koma alowe mu mgwirizano. Tiyerekeze, ndipo mitengoyi ndi yongoyerekeza. Kalabu ili ndi matumba 200 a makilo 50, ndiye kuti makilo 10,000. Wogula akufuna kupereka K1,000 pa kilo, inu mukufuna K1,300 poti mukukhulupirira kuti mu Seputembala ufika K1,400. Muuzeni kuti chabwino bwana, tipatseni K1,000 yanuyo lero, yonse pamodzi K10,000,000, koma pa 15 Seputembala tidzaone mtengo, ukadzapitirira K1,100 zapamwambazo tidzagawane pakati. Ukafikadi K1,400 ndiye kuti zapamwamba ndi K300, theka lake K150, kalabu ilandiranso K1,500,000. Ukathera pa K1,050 palibe chowonjezera, ndipo musadzadandaule poti munasaina nokha.

Mwina mukudabwa kuti bwanji tayambira pa K1,100 osati pa K1,000. Wogulayo asunga soya miyezi inayi, alipira nyumba yosungiramo ndi mlonda, soya akamauma amapepukanso, komanso mwina ndalamazo anachita kukongola. K100 imeneyo ndi yake, mukamukaniza athawa.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti njirayi imaulula munthu. Ngati akukhulupiriradi kuti mtengo sukwera asaina mosavuta, poti kwa iye akulonjeza ndalama yoti sadzatulutsa. Koma akayamba kuzemba, kuti aaa zimenezo n'zovuta, dziwani kuti mumtima mwake akudziwa kuti ukwera, zija amanena zija zinali zongofuna kukugwetsani mphwayi.

Pomwe anthu amagwera ndi pa mawu oti "mtengo wa pamsika". Msika wake uti? Wa mavenda a sikelo yopachika pa Mitundu ndi wa makampani a ku Kanengo si umodzi. Ndinaonapo kalabu ina italemba choncho, tsiku litakwana wogula anabwera ndi mtengo wa mavenda, alimi ali ndi wa mtauni, mpaka nkhani inakathera kwa amfumu ndipo sanapatsidwe kanthu. Lembani malo enieni, tsiku lenileni, ndi anthu awiri okafunsa, mmodzi wa kalabu wina wa wogula. Ena amasankha mitengo imene amalengeza a ACE, bungwe lothandiza pa malonda a mbewu, ena amatenga ya ogula atatu n'kupeza wapakati. Chachikulu, usakhale mtengo woti wogula wanuyo amaika yekha pa depoti yake, chifukwa adzangoutsitsa sabata imeneyo.

Komanso soya akapita wapita, inu mwatsala ndi pepala. Munthu wongodutsa woti simudziwa kumene amakhala musapange naye zimenezi, mugulitseni kesh basi. Zimayenda ndi wogula wokhazikika, woti chaka chamawa adzafunanso soya wanu, ndipo pepalalo lisainidwe pamaso pa mlangizi kapena amfumu, aliyense atenge kope yake. Nthawinso isatalike, mukukumbuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yodikira nthawi yaitali imafika itachepa mphamvu.

Tsono musakambirane mtengo pawokha kenako thiransipoti payokha kenako matumba. Mukatero pa chilichonse pamakhala wopambana ndi wogonja, ndipo kawirikawiri wogonja ndi inu. Ikani zonse pamodzi. Wogula ali ndi lole kale, kudzatenga soya pa kalabu kwa iye si ndalama yambiri, pamene inu kuchita hayala kungakudyereni phindu. Inunso kupeta bwino, kuumitsa ndi kuunjika malo amodzi sikukuvutani, koma iye kumamupulumutsa masiku oyendayenda m'midzi. Ndiye mumati, ife tipeta ndi kusonkhanitsa, inu mubwere ndi lole, matumba ndi sikelo yodindidwa ndi a bungwe loona za miyezo la MBS, mutilipire K1,000 pompano, ndi chowonjezera cha Seputembala chija, mukachotsapo chimodzi tikambirananso zonse. Ndi bwino kupita ndi mapulani awiri oti kwa inu ndi ofanana, mwachitsanzo K1,050 lero popanda chowonjezera kapena K1,000 ndi chowonjezera, asankhe yekha. Koma muyambe mwagwirizana mu kalabu, chifukwa amene akufuna fizi ya ana mwezi womwewo sangaone chimodzimodzi ndi amene angadikire mpaka nthawi yogula feteleza.