Momwe mungadziwire madzi amene pampu idzatulutse pachitsime chanu musanaigule

Anzanga a ulimi wamthirira, chinthu chomwe chimandipweteka mtima ndi ichi: munthu wabowoletsa chitsime ndi ndalama zambiri, wapita mtauni, waona pabokosi la pampu alemba hedi, kutanthauza kutalika komwe pampu ingakweze madzi, mamita 60 ndi malita 4,000 pa ola, basi wagula. Manambala awiri aja sagwira nthawi imodzi ayi. Pa mamita 60 pampuyo siitulutsa ngakhale dontho, ndipo malita 4,000 aja ndi pomwe madzi sakukwera paliponse. Zenizeni zili pakati apo, ndiye tiyeni tizipeze. Titenge chitsanzo cha dimba la tomato cha ku Thondwe, manambalawa ndi ophunzirirapo chabe, inu muikepo anu.

Choyamba pemphani gilafu ya pampuyo kwa ogulitsa, ena amati kevu. Chokwera mmwamba alemba H, ndiyo hedi m'mamita, chopingasa alemba Q, ndiwo madzi pa ola, kawirikawiri mu m³/h, ndipo 1 m³ ndi malita 1,000. Mzere wake umatsetsereka, kukwera kukachuluka madzi amachepa. Yathuyi tinene kuti pa Q ya 1 ikukankha mamita 54, pa 2 mamita 45, pa 3 mamita 33.

Chachiwiri yezani pamene madzi akuyenera kukwera. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya, timawerengera kuchokera pomwe pakhala pampu. Ayi, yambirani pamwamba pa madzi m'chitsimemo, chifukwa pampu kaya ili pa mamita 30 kaya 40 pansi hedi siisintha, chimangowonjezereka ndi paipi. Kwathuku madzi ali mamita 12 pansi pampu isanayatsidwe, malo a thanki ndi okwera ndi mamita 4, ndipo kuchoka pansi kufika pakamwa pa thanki ndi mamita 6. Zonse pamodzi 22.

Koma pampu ikangoyamba kukoka madzi aja amatsika. Izi zili mu lipoti la obowola ngati anayesa chitsime popopa kwa maola angapo, ndipo ngati sanakupatseni kalondoleni ndithu. Lathu likuti pa 2 m³/h madzi anatsika mamita 8, ndiye tingoyerekeza kuti ndi mamita 4 pa 1 m³/h iliyonse, ngakhale mukakoka kwambiri amatha kutsika mofulumira kuposa apo.

Chachitatu ndi kukhulana kwa madzi ndi paipi, kumene sikuoneka ndi maso koma kumadya mphamvu. Paipi yathu ndi yakuda ija ya 32 mm, kutalika konse mamita 150 kuphatikiza ya m'chitsime. Ndi ma elubo ndi ma valavu omwe, imadya pafupifupi mamita 2 pa Q ya 1, mamita 7 pa 2, ndi mamita 14 pa 3. Taonani mmene ikulumphira, madzi mukawawirikiza kawiri kukhulanako kumayandikira kanayi, n'chifukwa chake paipi yaing'ono yotchipa ija imakudyerani madzi tsiku lililonse.

Tsopano phatikizani. Pa 1 ndi 22 + 4 + 2 = 28. Pa 2 ndi 22 + 8 + 7 = 37. Pa 3 ndi 22 + 12 + 14 = 48. Ikani timadontho titatu timeneti pagilafu yomwe ija ndi pensulo, mulumikize. Mzere wanuwu ukukwera, wa pampu ukutsika, ndipo pomwe yakumana ndi pomwe pampu izigwirira ntchito. Pa 2 pampu ili ndi 45 pomwe pakufunika 37, mphamvu yatsala. Pa 3 ili ndi 33 pomwe pakufunika 48, siikwanitsa. Ndiye ikukumana cha pa 2.3, kutanthauza malita 2,300 pa ola, thanki ya malita 5,000 kudzaza m'maola awiri ndi mphindi pang'ono.

Musathamangire kulipira, bwererani ku lipoti lija muone madzi omwe chitsime chimapereka osaphwa. Ngati anati 2 m³/h, pampuyi ikukoka mopitirira, madzi azitsika mpaka kufika pa pampu, mudzaona akutuluka modukizadukiza ndi mpweya, kenako mota kupsa. Apa tsekaniko valavu pang'ono kapena sankhani pampu yocheperako. Werengeraninso Okutobala, madzi akatsika ndi mamita ena 5 mzere wanu wonse umakwera ndi 5, ndiye mutsala ndi cha pa 2.1 nthawi yomwe tomato akufuna madzi kwambiri. A pampu za sola, gilafu yanu imakhala ndi mizere ingapo malinga ndi mawati, ndiye wapamwamba uja ndi wa dzuwa la masana basi, m'mawa ndi kukachita mitambo werengani yapansi.

Mukaiika, tengani ndowa ya malita 20 mutchere pakamwa pa paipi kuthanki, osati pachitsime pomwe. Pa 2.3 iyenera kudzaza m'masekondi 31 kapena pafupi pamenepo. Ikatenga 50, yambani kuona ngati paipi yapindika kapena ikudontha penapake, kenako yezaninso madzi m'chitsimemo pampu ili mkati moyenda.