Kupewa, kusenzetsa wina, kuchepetsa kapena kuvomereza: sankhani mvula isanagwe

Mwezi wa Okutobala, pamene mizere yaungidwa ndipo aliyense akuyang'ana kumwamba, ndimakonda kufunsa alimi funso limodzi: ndi chiyani chimene chingakuphereni ulimi wa chaka chino? Mayankho sasowa. Ena amati ng'amba, ena madzi osefukira, ntchemberezandonda, chitopa, akuba, mavenda ogwetsa mitengo. Koma ndikafunsa kuti nanga chilichonse mwa zimenezi mwachikonzera chiyani, ambiri amangoti zili m'manja mwa Mulungu. Chikhulupiriro sindikutsutsana nacho. Chimene ndikunena n'chakuti chiopsezo chilichonse mukhoza kuchita nacho chimodzi mwa zinthu zinayi: kuchipewa, kuchisenzetsa wina, kuchichepetsa mphamvu, kapena kuchivomereza mukudziwa. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo imene ikuyenera chiopsezo china ikhoza kukuwonongerani ndalama pa chinzake.

Tiyerekeze banja la ku Balaka. Lili ndi maekala awiri kumtunda, kamunda ka theka la ekala m'mphepete mwa mtsinje, nkhuku khumi ndi zisanu ndi mbuzi zitatu. Manambala amene nditchule pa banjali ndi ongopereka chitsanzo, inu muikepo anu. Bambo ndi mayi asanasankhe chochita akhale pansi limodzi, ndipo pa vuto lililonse adzifunse kuti m'zaka zisanu zapitazi labwera kangati, ndiponso likabwera limatenga matumba angati. Werengani m'matumba, chifukwa kwacha ya chaka chatha si ya chaka chino.

Tiyambe ndi kamunda ka kumtsinje kaja. Dothi lake ndi lachonde, ndipo chaka chabwino kamatulutsa matumba asanu ndi atatu. Koma banjali likakumbukira bwino, m'zaka zisanu madzi akokolola chimanga kawiri, ndipo kamodzi ndi mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anasakaza m'chigawo cha kummwera. Zaka zitatu zabwino zinapereka matumba 24. Mbewu, feteleza ndi ganyu zimadya pafupifupi matumba atatu chaka chilichonse, kaya mwakolola kaya ayi, ndiye pa zaka zisanu ndi matumba 15. Otsala ndi asanu ndi anayi okha. Mtsinje wodzaza simungaukanize ndi khasu, choncho apa njira ndi kupewa: m'dzinja musabzalemo chimanga. Dikirani madzi aphwe, cha mu Epulo kapena Meyi, mubzale pa chinyontho chotsala n'kumathirira. Ngakhale mutamapeza matumba asanu okha pachaka, pa zaka zisanu ndi 25, ndipo mukachotsa zolowa zomwe zija mutsala ndi khumi. Phindu lonse likungofanana, koma palibe chaka chimene mwabwerako chimanjamanja muli ndi ngongole ya feteleza. Chimanga chachiwisi cha mu Ogasiti chilinso ndi msika wake.

Dziwani kuti popewa mumasiya ndi zabwino zomwe. Chaka chimene madzi sasefukira, mnzanu wa munda woyandikana adzakolola matumba ake asanu ndi atatu inu mukuonerera. Chilimwe chilinso ndi mavuto ake, monga ziweto zimene zimangotayidwa anthu akakolola. N'chifukwa chake kupewa timakusungira zinthu zimene zimabwera kawirikawiri, zimawononga zonse, ndipo sitingazichepetse. Mlimi amene angapewe chilichonse sadzabzala kanthu.

Maekala awiri a kumtunda ndi nkhani ina. Ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale simungaithawe pokhapokha mutasiya kulima. Apa ndiye pofunika kuchepetsa, ndipo ntchito yambiri ya mlimi ili pamenepa. Kuchepetsa kuli pawiri: kuti vuto lisamakupezeni kawirikawiri, ndi kuti likakupezani lisatenge zambiri. Mverani ulosi wa nyengo umene nthambi yoona zanyengo imatulutsa mvula isanayambe. Akanena za El Niño, monga zinalili mu 2023/24 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, musadzaze munda wonse ndi mbewu yochedwa kucha ngati Njobvu. Ekala imodzi mubzale yocha msanga ngati Kanyani. Inayo muigawe: nandolo, amene mizu yake imatsika pansi kufuna madzi, mbatata, ndi mapira pang'ono. Tsekani mizere mwa apo ndi apo kuti madzi a mvula akhazikike n'kulowa pansi m'malo mothamangira kukhwawa, ndipo phimbirani ndi mapesi pomwe mungathe. Mbewu yocha msanga sibereka ngati yochedwa chaka cha mvula yabwino, ndipo umenewo ndiwo mtengo wake. Mwalolera kutaya matumba awiri chaka chabwino kuti musataye khumi chaka choipa.

Ntchemberezandonda, zimene zinafika kuno cha mu 2016 ndi 2017, nazonso n'zochepetsa, koma ambiri amalakwitsa nthawi. Chimanga chikangomera, yenderani munda kamodzi kapena kawiri pa sabata, m'mawa. Yendani mokhotakhota, muime malo asanu otalikirana, ndipo pa malo alionse muone mapesi khumi. Onse pamodzi ndi 50. Fufuzani timawindo toonekera kuseri pa masamba, ndowe zonga utuchi mu nsonga, ndi mbozi yokhala ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu. Chimanga chikadali chaching'ono, mukapeza mapesi khumi mwa 50 aja atagwidwa, chitanipo kanthu tsiku lomwelo. Tswanyani mazira ndi timbozi ndi zala, ndipo ngati mukuthira mankhwala, thirani m'mawa kwambiri kapena madzulo molunjika mu nsonga, potsata muyezo wolembedwa pa botolo. Mukadikira mpaka masamba atang'ambikang'ambika, mbozi yakula ndipo yabisala mkati, mankhwala mungotaya. Nkhuku nazonso chimodzimodzi: katemera wa chitopa wa I-2, dontho limodzi m'diso pakatha miyezi itatu kapena inayi iliyonse, amateteza nkhuku yamoyo wabwino. Yodwala kale samaichiza.

Komabe pali chilala chimene mizere yotseka ndi mbewu yocha msanga sizingachiletse. Sichibwera chaka ndi chaka, koma chikabwera chimasesa zonse, ndipo chimapweteka kwambiri mlimi amene anatenga zipangizo pa ngongole. Katundu wotere ndi amene timafuna kusenzetsa wina, ndipo njira yodziwika ndi inshulansi ya mbewu. Mumalipira kandalama kodziwika chaka chilichonse kuti kampani isenze chitayiko chachikulu chosadziwika. Kuno kwathu inshulansi yoyendera kuchuluka kwa mvula inayesedwa mu 2005 ndi alimi a mtedza a NASFAM, ndipo inamangiriridwa ku ngongole ya mbewu. Pambuyo pake bungwe la WFP linabwera nayo m'maboma monga Balaka, komwe alimi ena ankalipira pogwira ntchito zosamalira nthaka ndi madzi.

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene pamabuka mikangano. Inshulansi ya mtundu umenewu siyang'ana munda wanu. Imayang'ana mvula imene yalembedwa pa choyezera mvula cha m'dera lanu, kapena imene makina a m'mlengalenga aona. Mvula ikachepera muyezo umene munagwirizana pa nthawi imene munagwirizana, mumalandira, ngakhale munda wanu utachita bwino. Ikakwana pa choyezera, simulandira kanthu, ngakhale chimanga chanu chitauma. Ndipo tonse tikudziwa kuti mvula imatha kugwa tsidya lino n'kusiya tsidya lija. Mu ndondomeko ya 2005 ija ankatenga alimi okhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa choyezera, pofuna kuchepetsa vuto lomweli. Choncho musanasaine kapena kudinda chala, funsani kuti mvula ikuyezedwera kuti, kuyambira tsiku liti mpaka liti, ndiponso ngati mbozi, matalala ndi madzi osefukira zili momwemo. Funsaninso kuti ndalama ikatuluka imabwera kwa inu kapena imapita kukatseka ngongole. Nthawi zambiri imene mukulandira imangobweza zolowa, sibweza matumba onse amene mukanakolola. Ngati wogulitsayo akuzemba mafunso amenewa, sungani ndalama yanu.

Ulimi wa mgwirizano ndi kusenzetsa kwa mtundu wina. Wogula akalemba mtengo wa nandolo kapena soya musanabzale, kugwa kwa mtengo kwakhala katundu wake. Inu mwalipira posiya mwayi wogulitsa modula mtengo ukakwera, ndipo mwatsala ndi nkhawa yoti kodi adzabweradi ndi galimoto. Mgwirizano wa pakamwa susenzetsa munthu kanthu.

Tsopano zotsala. Ekala imodzi yobzalidwa phesi limodzi paphando, masentimita 25 kutalikirana pa mizere ya masentimita 75, imakhala ndi mapesi oposa 21,000. Mbewa ndi nkhwali zikafukula mapando zana limodzi, simunataye ngakhale phesi limodzi pa mapesi 200 alionse. Kulemba mlonda kapena kugula mankhwala pa zimenezi n'kuwononga zambiri kuposa zimene mukuteteza. Pakizani m'sabata yoyamba, basi, zinazo zivomerezeni. Matalala nawo amagwa mwa kamodzikamodzi ndipo palibe denga la munda. Amenewonso n'ovomereza.

Kuvomereza kumene ndikunena kumasiyana ndi kungokhala. Wovomereza waliona vuto, waliyeza, ndipo waika padera chodzalipirira. Banja lathu lija ligwirizane lero kuti mwa mbuzi zitatu, imodzi si ya Khisimasi ndipo si ya chinkhoswe, ndi yodzagulira mbewu yobwereza kapena chimanga zinthu zikavuta. Ku banki m'khonde asatenge ngongole yofika pa malire mu Novembala, asiye mpata wa mu Febuluwale. Mbewu pang'ono ya nyemba kapena mbatata ikhale pafupi.

Aikenso malire oti zikafika apa sitivomerezanso. Mbewa zikayamba kutha mzere wathunthu usiku umodzi, nkhaniyo yachoka pa kuvomereza, yafika pa kutchera misampha ndi kulambula tchire la m'malire. Akuba akathyola chimanga chachiwisi kawiri m'sabata imodzi ku munda wa kumtsinje, yakwana nthawi yomanga kachisakasa n'kumasinthana kugona komweko ndi eni minda yoyandikana. Malire amenewa alembedwe m'kope limodzi ndi mawerengero a matumba aja, ndipo kopelo litsegulidwenso kumayambiriro kwa Januwale, pamene mwaona mmene mvula yayambira ndi mmene mbewu zamerera.