Kuthamanga ndi kunyamula zitsulo sabata imodzi: werengani masiku olemetsa miyendo

Achinyamata ambiri pa Kasungu pano akuphatikiza masewera awiri. M'mamawa muwaona akuthamanga mumsewu wa ku Mzimba kapena wa ku Lilongwe, madzulo muwapeza ku jimu kapena kuseri kwa nyumba akulimbana ndi zitsulo zoumba ndi simenti m'zitini. Kuphatikizako si kolakwika. Cholakwika chimakhala kagawidwe ka masiku. Munthu amalemba kuti Lolemba zitsulo, Lachiwiri kuthamanga, Lachitatu zitsulo, n'kumaganiza kuti pothamanga akupuma ku zitsulo ndipo ponyamula akupuma ku kuthamanga. Koma ntchafu zomwe zimadzutsa chitsulo pa masikwati, masewera onyonyomala ndi kudzuka chitsulo chili pamapewa, ndi zomwezo zimakankha thupi pamsewu. Pandandanda wotere miyendo siipuma ngakhale tsiku limodzi.

Mphamvu siibwera nthawi imene mukunyamula. Chitsulo cholemera chimavulaza minofu pang'onopang'ono m'kati, ndipo thupi limaikonza mukamadya ndi kugona, n'kuisiya yolimba kuposa kale. Ntchito yokonzayi imatenga pafupifupi maola 48 pa minofu ikuluikulu ya ntchafu ndi matako, ndiye chifukwa chake kuphwanya kwa miyendo kumafika pachimake tsiku lotsatira kapena mkuja, osati madzulo omwewo. Kuthamanga kwa liwiro, kuthamanga mtunda wautali ndi kutsetsereka phiri nakonso kumavulaza minofu yomweyo, komanso kumatha chakudya chomwe minofu imasungira ntchito yolemetsa. Mukaunjika zimenezi tsiku ndi tsiku, thupi limangokhalira kuzigamba osamaliza.

Zimenezi zinayesedwapo. Mu 1980 katswiri wina wa ku Amereka, Robert Hickson, anayesa anthu kwa masabata 10. Ena ankangonyamula zitsulo masiku asanu pasabata, ena ankaonjezapo kuthamanga ndi kupalasa njinga masiku asanu ndi limodzi. Poyamba mphamvu za m'miyendo zinkakwera mofanana, koma chakumasabata omaliza ophatikiza aja anaima n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, pomwe anzawo ankapitabe patsogolo. Onani kuchuluka kwa ntchitoyo, komanso onani kuti vuto silinaoneke msanga. Ichi ndicho chimapusitsa ambiri: mwezi woyamba zonse zimayenda bwino, ndiye munthu amati ndandanda wake ndi wabwino.

Langizo langa n'lakuti musiye kuwerenga kuti mwachita masewera kangati. Werengani masiku omwe miyendo yagwira ntchito yolemetsa, ndipo asapitirire atatu pasabata, pakati pake pakhale tsiku lopepuka. Tsiku lolemetsa ndi lomwe mwachita masikwati olemera kapena madedilifiti, omwe ndi kudzutsa chitsulo cholemera kuchokera pansi, mwathamanga mwaliwiro, mwathamanga ola kapena kupitirira, kapena mwasewera mpira wathunthu. Kuthamanga mopepuka kwa mphindi 30 sikuwerengedwa, bola kukhaledi kopepuka. Muyeso wake ndi pakamwa: ngati mungathe kumufotokozera mnzanu nkhani yonse mukuthamanga osabanika, mwapepuka. Ngati mawu akutuluka awiriawiri, ndiye kuti tsikulo mwalisandutsa lolemetsa. Apa ndi pomwe anyamata othamanga pagulu amagwera, chifukwa palibe amafuna kutsalira kumbuyo, ndipo kuthamanga kulikonse kumathera mu mpikisano.

Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 65 yemwe akufuna kumathamanga makilomita 10 bwinobwino komanso kuonjezera mphamvu. Pakalipano amachita masikwati Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, amathamanga mwaliwiro Lachiwiri ndi Lachinayi, Loweruka amathamanga mtunda wautali, Lamulungu akaweruka kutchalitchi amakamenya mpira. Masiku olemetsa ndi asanu ndi awiri onse. Chitsulo cha makilogalamu 70 chomwe ankadzuka nacho kasanu mwezi wathawu, pano akudzuka nacho katatu movutikira, ndipo misongolo yayamba kuwawa.

Mankhwala ake akumveka ngati osemphana ndi nzeru, koma ndi omwe amagwira: ntchito ziwiri zolemetsa aziike tsiku limodzi, kuti tsiku lotsatira likhale lopumadi. Lolemba cha m'ma 5 koloko m'mawa athamange mopepuka mphindi 10 kutenthetsa thupi, kenaka mwaliwiro mphindi ziwiri, kuyenda mphindi ziwiri, mobwereza kasanu ndi kamodzi. Madzulo a tsiku lomwelo, patadutsa maola osachepera 6 ndipo atadya nsima ya masana, achite masikwati maulendo atatu, ulendo uliwonse kunyonyomala kasanu, kenaka madedilifiti maulendo awiri. Chitsulo chikhale choti akamachibweza pansi akumva kuti akanatha kudzuka nacho kawiri kena. Wothamanga alibe chifukwa chonyamulira mpaka kugwa nacho. Kawiri komalizako kamaonjezera zochepa pa mphamvu koma kamatalikitsa kwambiri kuchira.

Lachiwiri miyendo ipume. Ngati thupi likumuyabwa, achite za kumtunda: mapushapu, kudzikoka pamtanda, kukankha chitsulo pabenchi. Lachitatu athamange mopepuka mphindi 30 mpaka 40 pamalo a fulati, ndipo miyendo ikhalabe yolemererapo pang'ono, zomwe si vuto. Lachinayi m'mawa ndi tsiku lachiwiri la zitsulo, la thupi lonse, koma masikwati atsike kufika makilogalamu 55 kapena 60 kuti asadzalowe Loweruka ali wophwanyika. Lachisanu apume, kapena angoyenda. Loweruka m'mawa athamange ola limodzi mosafulumira. Lamulungu apume. Masiku olemetsa tsopano ndi atatu, Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, ndipo palibe awiri ogundizana.

Nanga mpira wa Lamulungu uja? Sindingamuuze ausiye, chifukwa sadzamva. Koma mpira ndi tsiku lolemetsa lathunthu, uli ndi liwiro, kuima mwadzidzidzi ndi kugundana. Sabata yomwe kuli mpira, kuthamanga kwa Loweruka kuchoke, mpirawo ulowe m'malo mwake, ndipo ntchito ya Lolemba isunthire Lachiwiri, ya Lachinayi isunthire Lachisanu koma mopepuka.

Si onse angakwanitse kutuluka kawiri patsiku. Amene ali ndi nthawi imodzi yokha ayambe ndi chomwe akuchifuna kwambiri, chifukwa chachiwiri chimapeza thupi litatopa kale. Wofuna mphamvu ayambe zitsulo, amalize ndi kuthamanga mopepuka mphindi 20. Wofuna liwiro ayambe kuthamanga, zitsulo zikhale zocheperapo. Chimene ndimakaniza kwamtuwagalu ndi kudzutsa chitsulo cholemera kuchokera pansi mutangochoka kothamanga mtunda wautali. Minofu yogwira msana imakhala yatopa, msana umapindika ngati uta inu osadziwa, ndipo kuvulala kwa pamenepo kumagoneka munthu masabata.

Pali ntchito ina yomwe ndandanda wolembedwa kunja sauidziwa, koma kuno imalamulira chaka chonse. Kugalauza, kupalira, kubandira, kusenza matumba a mtedza ndi soya, kupalasa kabaza tsiku lonse mutanyamula munthu kumbuyo, zonsezi thupi limaziwerenga pamodzi ndi masikwati. Munthu amene wabandira kuchokera m'mawa mpaka dzuwa pamutu wachita kale tsiku lolemetsa la msana ndi miyendo. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, amene ali ndi munda atsike kufika pa tsiku limodzi la zitsulo ndi kuthamanga kawiri. Asaope kuti mphamvu zithawa: kusunga zomwe munapeza kale kumafuna ntchito yochepa kuposa kuzipeza, bola kulemera kwa chitsulo musakutsitse kwambiri, mungochepetsa maulendo. Miyezi yoonjezera ndi ya chisanu, Meyi mpaka Ogasiti, zokolola zili m'nyumba. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, kuthamanga kulikonse kuthe 7 koloko isanakwane, chifukwa kutentha kumasandutsa kuthamanga kopepuka kukhala kolemetsa.

Masiku opuma sapindula ngati m'mimba mulibe kanthu. Wonyamula zitsulo amafunika zakudya zomanga thupi pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye mnyamata wathu uja akufunika magalamu oposa 100 pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mazira awiri a m'mawa ndi chiyambi chabe. Mwayi wathu ndi wakuti soya ndi mtedza timalima tokha. Nyama ya soya youma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi puloteni, usipa ndi matemba ouma nawonso ali ndi wambiri, ndipo mtedza uli ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Phala la soya kapena lotendera m'mawa, nyemba kapena usipa masana, nyama ya soya madzulo, mwafika osagula ufa wa m'zitini wokwera mtengo. Nsima musaichepetse pofuna kuti pamimba paoneke mabokosi. Pa tsiku ngati Lolemba lija, nsima kapena mbatata ya masana ndiyo imabwezera m'minofu chomwe kuthamanga kwa m'mawa kwachotsa, ndipo wopanda kudya amafika pa chitsulo madzulo miyendo ikunjenjemera. Tulo tikhale maola 7 mpaka 9.

Kuti mudziwe ngati kagawidwe kanu kakugwira, gwirani mtsempha wa pamkono mukangodzuka, musanatsike pabedi, muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi. Chitani zimenezi sabata yonse kuti mudziwe nambala yanu. Ikakwera ndi 7 kapena 10 kwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, thupi silinachire, ndipo tsiku lolemetsa lotsatira lisanduke lopepuka. Chizindikiro china ndi chitsulo chomwe: cholemera chomwechija chikamakukanikani masabata awiri motsatizana, pamodzi ndi kusowa tulo ndi kukwiyakwiya, musaonjezere khama, chotsani tsiku limodzi lolemetsa. Ngakhale zonse zikuyenda bwino, sabata yachinayi iliyonse dulani maulendo a zitsulo ndi mphindi zothamanga ndi theka.

Siyanitsaninso kutopa ndi matenda. Kuphwanya kwa masewera kumagwira miyendo yonse iwiri mofanana ndipo kumachepa mukatenthetsa thupi. Ululu wa malo amodzi pafupa la msongolo kapena la phazi, woti mungauloze ndi chala ndipo ukukula mukamathamanga, ungakhale fupa lomwe layamba kung'aluka. Siyani kuthamanga mukaonetse kuchipatala. Kuphwanya kobwera ndi kutentha thupi, mutu ndi kuzizidwa kayezetseni malungo tsiku lomwelo, ndipo musachite masewera thupi likutentha. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka mutachita masewera olemetsa, minofu itatupa ndi kuwawa kwambiri, musadikire kuti kuche: minofu yoonongeka kwambiri imatha kuononga impso, ndipo zimenezi zimafuna chipatala msanga.