Mtima wanga unachita dzanzi madzi atasefukira

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi a mtsinje wa Shire anakokolola nyumba yathu ku Nsanje. Anzanga ankalira, koma ine misozi ayi. Nsima ndinkaimva ngati dothi mkamwa. Mwana wanga akandithamangira, mumtima munali zii. Ndinkadziona ngati munthu wouma mtima.

Patapita miyezi itatu ndinakafotokoza kuchipatala. Anamwino anati: "Mayi, simunaume mtima. Mantha akachuluka, thupi limatseka ululu kuti mupirire, koma potero limatsekanso chimwemwe." Anandiyeza magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi kumafoola munthu, ndipo anandifunsa za tulo ndi kadyedwe. Anandiuzanso kuti dzanzi lotere likapitirira masabata awiri, kapena maganizo odzipha akabwera, munthu asadikire, apite kuchipatala msanga.

Chimene chinandithandiza n'kuyambira pathupi, osadikira kuti mtima ufune. M'mawa uliwonse, dzuwa la kuchigwa kuno lisanawawe, ndinkaviika manja m'madzi a mumtsuko n'kutchula mokweza kuti akuzizira. Kenako ndinkapita kudimba kukathirira mbatata mphindi khumi zokha. Madzulo ndinkakhala pamkeka ndi achemwali anga tikusenda nandolo, ndipo sankandikakamiza kulankhula.

Choyamba kubwerera sichinali chimwemwe. Unali mkwiyo, kenako kulira kwa usiku wonse, moti ndinaopa kuti ndikudwalanso. Anamwino anati mwendo wadzanzi umayamba wabayabaya magazi akamabwerera. Sabata yachisanu ndi chimodzi ndinamva fungo la mlamba wootcha, njala n'kundigwira.