Momwe mungafufuzire zithunzi musanagule mphatso yotumiza kumudzi

Tiyerekeze kuti muli kunja, ndipo mwaona foni yogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook Marketplace yomwe mukufuna kugulira amayi. Foniyo ikakaonetsa vuto itafika kale kumudzi, kuibweza n'kosatheka, choncho fufuzani ndalama zisanatuluke m'thumba.

Yambani ndi chithunzi cha foniyo. Chisungeni, kenako muchiike pa Google Lens kapena pa TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira komwe chithunzi chinaikidwapo kale. Pa TinEye mungathe kusanja zotsatira kuyambira zakale kwambiri. Mukapeza kuti chithunzi chomwecho, tebulo lomwelo ndi kansalu komweko, chinaikidwapo kale ndi munthu wina wa dziko lina, dziwani kuti wogulitsayo wangochitola. Chithunzi chosalala cha kampani yopanga foniyo nacho sichikuuzani kanthu za foni imene ili m'manja mwake.

Koma kusapeza kanthu sikutanthauza kuti munthuyo ndi woona. Akathyali amatembenuza chithunzi kapena kuchidula m'mbali, ndipo zithunzi zam'magulu a WhatsApp sizipezeka pa kafukufuku wotere.

N'chifukwa chake gawo lachiwirili ndi limene ndimalidalira kwambiri. Muuzeni wogulitsayo alembe ndi cholembera papepala deti la tsikulo ndi mawu amene mwasankha inuyo, aike pepalalo pambali pa foni, ajambule. Foniyo ikhale yoyaka, ndipo ayimbepo `*#06#` kuti nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yapadera yodziwira foni iliyonse, ioneke. Ilembeni nambalayo, mudzaiyerekeze ndi ya foni imene idzakufikeni. Pepalalo liyang'anitsitseni: ngati lilibe mthunzi pomwe foni ili nawo, kapena m'mbali mwake muli mosalala modabwitsa, langomatidwa pa kompyuta. Ngati mukukayikabe, imbiranani pa vidiyo, aitembenuze foniyo mukuona, aike tchaja, atsegule kamera. Ikakhala iPhone, akuonetseni kuti watulukamo mu akaunti yake ya iCloud ndipo wazimitsa Find My, apo ayi amayi adzalandira foni yokhoma. Munthu amene alidi ndi katundu sachedwa kuchita zimenezi. Woti "foni ili kwa mchimwene wanga" kapena "kamera yanga yafa" musiyeni.

Kenako chithunzi cha wogulitsayo cha pa akaunti yake ya Facebook. Chifufuzeni monga munachitira ndi cha foni. Nkhope ikatuluka ndi dzina lina, nkhani yatha. Onaninso chaka chimene analowa pa Facebook, ndiponso ngati zinthu zina zimene akugulitsa zinajambulidwa m'nyumba imodzi. Mafoni asanu pa matebulo asanu osiyana ndi okayikitsa.

Polipira pa PayPal sankhani Goods and Services, osati Friends and Family, chifukwa njira yachiwiriyi siteteza wogula. Dzina la wolandira ndalama lifanane ndi la wogulitsa. Ndipo foniyo iyambe yafika kwa inu, muikemo simu ya kampani ina kuti mutsimikize kuti siinamangidwe ku netiweki imodzi, kenako muitumize.