Makina akamalemba mawu ojambulidwa m'Chichewa, samalani pomwe palowa Chingerezi

Mwajambula pa foni msonkhano wa kalabu ya alimi, mwapatsa kompyuta kuti ilembe zomwe zayankhulidwa, koma chotuluka ndi Chiswahili chosamveka. Musafulumire kudzudzula foni. Pulogalamu yolemba mawu imadziwa zokhazo zomwe idamva pophunzitsidwa. Whisper, imodzi mwa mapulogalamu otere, yomwe idatuluka mu 2022, idaphunzitsidwa ndi maola 680,000 a mawu, ochuluka kwambiri a Chingerezi. Chiswahili ndi Chishona zili pa mndandanda wake, Chichewa palibe. Ndiye ikamva "ndinapita", imasaka chinenero chofananako n'kulemba zongopeka.

Vuto limakula chifukwa cha mayankhulidwe athu. Mayi wina akuti, "Loni ija tinabweza twente sauzande, koma anatichaja intaresiti." Chiganizo n'chimodzi, zinenero ziwiri, ndipo mu "anatichaja" mawu a Chingerezi avala zovala za Chichewa kutsogolo ndi kumbuyo. Whisper imamvetsera masekondi 30 oyambirira n'kusankha chinenero chimodzi. Ngati wapampando adatsegula msonkhano m'Chingerezi, zonse zotsatira idzazikokera komweko. Mudzazindikira poona chiganizo chimodzi chikubwerezedwa kangapo, kapena mawu osalala bwino pamalo pomwe anthu adali chete.

Choyamba n'kusankha chida chomwe chidamvapo Chichewa. MMS ya kampani ya Meta, ya mu 2023, ili ndi zinenero zoposa 1,100, ndipo chathu mudzachipeza pa chizindikiro cha `nya`. Koma dziwani kuti mawu ambiri ophunzitsira adachokera m'Chipangano Chatsopano chowerengedwa mokweza, kotero mawu apamsika ndi a ndalama ikhoza kuwaphonya.

Pojambula, foni ikhale pafupi ndi pakamwa pa woyankhula, osati pakati pa bwalo pomwe mphepo ndi mbuzi zikulowerera. Pemphani anthu aziyankhula mmodzimmodzi. Mukatero sinthani fayilo ikhale momwe mapulogalamuwa amafunira, polemba lamulo ili pa kompyuta yomwe ili ndi ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a mawu:

```
ffmpeg -i msonkhano.m4a -ar 16000 -ac 1 msonkhano.wav
```

Kenaka duleni fayiloyo m'tizigawo, woyankhula aliyense payekha, ndipo chigawo cha Chingerezi chenicheni chilembedwe padera.

Ine chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi kuyesa musanakhulupirire. Tengani mawu 100, muwalembe nokha ndi khutu, muyerekeze ndi a makina. Tiyerekeze kuti asintha mawu 20, adumpha 9, awonjezera 6: zolakwa ndi 35 pa 100, ndipo pamenepo kukonza kungakutayitseni nthawi kuposa kulemba nokha. Kumbukiraninso kuti kwathu kuno mawu amodzi amasenza zambiri. "Sindinalipire" akasanduka "ndinalipira", pa chiwerengero ndi cholakwa chimodzi chokha, koma mwalemba kuti munthu adabweza ngongole yomwe sadabweze. Choncho mayina, ndalama ndi mawu oyamba ndi "si-" muwamvetserenso onse musanatumize lipoti.